Chitini cha ku Joni ndi cha ku Limbe: dzina limodzi, mkaka wosiyana

*Funso: Achimwene anga amanditumizira mkaka waufa kuchokera ku Joni. Ukatha ndimakagula wa dzina lomwelo ku Limbe, chitini chake mtundu womwewo. Koma wa kunowu sukoma mofanana: umachita zibuluma mu tiyi, umatsekemera kwambiri, ndipo sumveka mkaka kwenikweni. Kodi wa kunowu ndi feki, kapena makampani amatitumizira ife zotsalira? — Mayi wa ku Chilomoni*

Mayi, lilime lanu silikunama, ndipo n'zotheka ndithu kuti zitini ziwirizo zonse ndi zenizeni, zochokera kwa mwini dzina yemweyo, koma zam'kati mwake n'zosiyana. Ntchito yanga yakhala yoyeza zakudya m'labotale, ndipo chinthu choyamba chimene munthu amaphunzira pantchitoyi n'chakuti dzina lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kumaso kwa chitini si lonjezo la zimene asakaniza m'katimo. Dzinalo ndi chuma cha kampani, chimene inalembetsa kuboma kuti wina asachigwiritse ntchito. Kampani ili ndi ufulu wolimata pa katundu wopangidwa m'mafakitale osiyana, m'mayiko osiyana, ndi kasakanizidwe kosiyana. Zili ngati chiwongo: a Phiri a ku Dedza ndi a Phiri a ku Chipata onse ndi a Phiri enieni, palibe wonama, koma si munthu mmodzi.

Mkaka ngati wanuwo ungasiyane pa zifukwa zitatu, ndipo m'pofunika kuzilekanitsa chifukwa chilichonse chili ndi kadziwidwe kake. Ukhoza kukhala kuti unapangidwa mosiyana mwadala. Ukhoza kukhala kuti unatuluka m'fakitale uli bwinobwino n'kuwonongekera panjira kapena pa shelefu. Ukhozanso kukhala feki weniweni. Anthu ambiri amathamangira chachitatuchi, koma zimene mwafotokozazi, kutsekemera ndi kusamveka mkaka, zikuloza kwambiri choyamba, pomwe zibulumazo zingachokere ku choyamba kapena chachiwiri. Ndiye tikhalitse pa choyambacho.

Mkaka waufa wopanda chinyengo ndi mkaka wa ng'ombe umene auchotsa madzi basi. Amayamba auwiritsa m'makina mpaka ulimbeko, kenaka amaupopera ngati nkhungu m'chinsanja cha mpweya wotentha, madonthowo n'kuuma asanafike pansi. Bungwe la Codex Alimentarius, limene mabungwe a FAO ndi WHO anakhazikitsa mu 1963 kuti lizilemba miyezo ya zakudya imene mayiko ambiri amatengerapo malamulo awo, limati mkaka waufa wosachotsa zonona uyenera kukhala ndi mafuta a mkaka osachepera magalamu 26 pa magalamu 100 aliwonse, ndipo madzi asapose magalamu 5. Mkaka wotere ukauyeza umapezamo zomanga thupi pafupifupi magalamu 24 mpaka 26, ndi shuga wachibadwa wa mumkaka, wotchedwa lakitozi, pafupifupi magalamu 38. Kilogalamu imodzi imatulutsa malita pafupifupi 8 a mkaka wakumwa. Manambala amenewa muwasunge, tiwagwiritsa ntchito.

Tsono chodula kwambiri mumkaka ndi mafuta akewo, chifukwa ndi amene amapangira batala, ndipo batala amagulidwa pamtengo wokwera kuposa mafuta a zomera. Fakitale ikafuna kutsitsa mtengo imachita chonchi: imayengula zonona n'kukagulitsa ngati batala, mkaka wotsalawo n'kuuthiramo mafuta a zomera, kawirikawiri a mawese, ochokera ku zipatso za mtundu wina wa kanjedza, kenaka n'kuumitsa. Ufa wake umaoneka chimodzimodzi, ndipo pa lebulo mafuta amakhala magalamu 26 kapena 28 monga mkaka weniweni. Zimenezi si umbava. Codex yemweyo mu 2006 anaulembera muyezo wakewake mkaka wosakaniza woterewu, ndipo analamula kuti pa chitini pazilembedwa kuti si wa makanda. Wafala kwambiri ku Africa, makamaka mayiko a kuzambwe monga Nigeria ndi Senegal, chifukwa ndi wotsika mtengo komanso mafuta a mawese sawonongeka msanga pa kutentha. Koma kukoma kumene inu mukuti "kumveka mkaka" kumakhala m'mafuta a mkakawo. Akachoka, fungo lija limachoka nawo. Mavitamini A ndi D nawonso amapita ndi zonona, n'chifukwa chake opanga ambiri amachita kuwabwezeramo.

Ena salekera pomwepo. Amawonjezeramo shuga wa nzimbe, kapena ufa woyera wosakoma kwenikweni wochokera ku sitachi ya chimanga kapena ya chinangwa, wotchedwa molotodekisitirini, kapena ufa wa madzi otsala popanga tchizi. Zonsezi n'zotchipa kuposa mkaka, ndipo chilichonse chikalowa chimatenga malo a mkaka. Zotsatira zake zomanga thupi zimatsika, ndipo tiyi amatsekemera musanathiremo shuga. Lakitozi satsekemera kwambiri ngati shuga wa nzimbe, choncho mkaka waufa ukamamveka kutsekemera koonekeratu pa lilime, ndimayamba kukayikira kuti muli shuga wothira.

Funso limene likukupwetekani mtima ndi lakuti chifukwa chiyani dzina lomwelo libwere kuno losakaniza pomwe kwina likupita losasakaniza. Chifukwa chachikulu ndi mtengo umene kampani yawerengera kuti ogula a dziko limenelo angathe. Amayambira pa mtengo wa pa shelefu n'kumabwerera m'mbuyo: achotsapo phindu la wa golosale, la wa holoselo, msonkho wa pachipata, mayendedwe kuchokera ku Beira kapena ku Durban, ndipo ndalama yotsalayo ndi imene imalamula zolowa m'chitini. Kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, woitanitsa katundu amasankha pakati pa kukweza mtengo, kuchepetsa magalamu, kapena kuyamba kuitanitsa mtundu wotchipa wa dzina lomwelo kuchokera ku fakitale ina. Chifukwa chachiwiri ndi malamulo. Kampani imapanga chimene lamulo la dziko limenelo likulola kapena kukakamiza. South Africa ndi Britain onse anayamba kudula msonkho pa shuga wa m'zakumwa zoziziritsa kukhosi mu Epulo 2018, ndipo makampani ambiri anachepetsa shuga m'mabotolo a kumeneko kuti athawe msonkhowo, n'kuikamo zotsekemeretsa zina, dzina osasintha. N'chifukwa chake amene ali ku Manchester amadandaula kuti Fanta wa kumeneko sakoma ngati wa kumudzi. Chachitatu, makampani amanena kuti anthu a dera lakutilakuti amakonda zotsekemera. Nthawi zina n'zoona, koma ine chifukwa chimenechi sindichilandira chikakhudza chakudya cha ana, popeza mwana sabadwa akupempha shuga wothira, amachita kuzolowetsedwa.

Nkhani imeneyi si ya kuno kokha, ndipo inafufuzidwapo ndi anthu okhala ndi malabotale. Mu 2017 mayiko a kuvuma kwa Ulaya, monga Slovakia, Czech ndi Hungary, anadandaula kuti katundu wa mayina otchuka amene amagulitsidwa kwawo ndi wotsika poyerekeza ndi wa ku Germany ndi Austria. Chitsanzo chimene chinamveka kwambiri chinali cha timapisi ta nsomba tokazinga, timene kwina tinali ndi nsomba yochepa m'paketi yooneka chimodzimodzi. Jean-Claude Juncker, amene ankatsogolera nthambi yoyendetsa mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, anaitchula nkhaniyi m'nyumba ya malamulo ya mgwirizanowo chaka chomwecho. Mu 2019 akatswiri a mgwirizanowo anatulutsa zotsatira atayerekeza zakudya pafupifupi 1,400 m'mayiko 19. Anapeza kuti 9 pa 100 zilizonse zinali ndi kumaso kofanana ndendende koma zam'kati zosiyana, ndipo zina 22 pa 100 zinali ndi kumaso kofananirako koma zam'kati zosiyana. Chimene chinadabwitsa ambiri n'chakuti kusiyanako sikunatsate mzere wakuti kuvuma n'kumene kumalandira zoipa nthawi zonse. Kusiyana kunalipo, koma kunali kosakanikira.

Pafupi ndi ife, mu Epulo 2024 bungwe la ku Switzerland la Public Eye pamodzi ndi la IBFAN, loona za kadyedwe ka makanda, anayeza phala la ana la Cerelac la kampani ya Nestlé kuchokera m'mayiko ambiri. Anapeza kuti la tirigu logulitsidwa ku Germany ndi ku Britain linalibe shuga wothira, pomwe la ku Ethiopia linali ndi magalamu oposa 5 pa kudya kumodzi, la ku Thailand magalamu 6. La ku South Africa nalonso linali ndi shuga wothira, pafupifupi magalamu 4, amene ndi supuni yaing'ono imodzi. Kampaniyo inayankha kuti imatsata malamulo a dziko lililonse ndi miyezo ya Codex. Ndakuuzani zimenezi pa zifukwa ziwiri. Kukayika kwanu kuli ndi maziko. Komanso mawu akuti "za ku Joni ndiye orijino" si lamulo, chifukwa kwa opanga katundu, Joni nayenso ndi msika umene amauwerengera zake. Chitini chilichonse chiyenera kuweruzidwa pachokha.

Tsopano tengani zitini zanu ziwiri, muziike pa tebulo, muzitembenuze. Kumaso kuli malonda, kumbuyo n'kumene lamulo limakakamiza wopanga kunena zoona.

Yambani ndi dzina lenileni la katunduyo, limene limalembedwa ndi tizilembo ting'onoting'ono pansi pa dzina lalikulu kapena pafupi ndi mndandanda wa zosakaniza. Mkaka wosachotsa kanthu umalembedwa kuti "full cream milk powder" kapena "whole milk powder". Mukaona mawu onga "with vegetable fat", "fat filled" kapena "blend", dziwani kuti ndi wosakaniza uja. Mukaona "creamer", umenewo si mkaka n'komwe, ndi ufa woyeretsa tiyi wopangidwa kwambiri ndi shuga wa chimanga ndi mafuta a zomera, ndipo mwana sapezamo chomanga thupi chokwanira. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa: munthu amapeza kuti wakhala akuyerekeza katundu awiri osiyana a banja limodzi, wina wa anthu onse, wina wa ana oyambira chaka chimodzi wothira shuga kapena uchi, zitini zake zosiyana kamzere kamodzi kokha.

Kenaka werengani mndandanda wa zosakaniza. Lamulo la malebulo limati zilembedwe motsatana kuyambira chochuluka kulemera mpaka chochepetsetsa. Mkaka weniweni mndandanda wake ndi waufupi: mkaka, mwina lesitini wothandiza kuti usungunuke msanga, mwina mavitamini. Mukapeza mkaka wochotsa zonona poyamba, mafuta a zomera pachiwiri, shuga kapena molotodekisitirini pachitatu, mwapeza kale yankho la funso lanu. Apa pali msampha umodzi. Pa tebulo la manambala pamakhala mzere wa shuga, ndipo ngakhale mkaka wosathira kanthu umaonetsa magalamu 36 mpaka 40 pamenepo chifukwa cha lakitozi uja. Musadzidzimuke ndi nambala imeneyo. Shuga wothira mumamudziwira pa mndandanda wa zosakaniza, pamene amatchulidwa kuti "sugar", "sucrose", "glucose syrup" kapena "honey".

Nambala imene imaulula zambiri ndi ya zomanga thupi, yolembedwa kuti "protein". Muyang'ane ya pa magalamu 100, osati ya pa kapu imodzi, chifukwa kampani imatha kunena kuti kapu ya dziko lina ndi magalamu 25 a ufa, ya dziko lina magalamu 32, ndipo manambalawo sangayerekezeke. Tiyeni tichite masamu ndi zitini zongoyerekeza, mitengo yake yongopeka kuti kawerengedwe kaoneke. Chitini choyamba n'cha magalamu 400, zomanga thupi magalamu 25 pa 100, mtengo K20,000. M'chitini chonsecho muli zomanga thupi magalamu 100, ndiye galamu imodzi mukuigula K200. Chachiwiri n'cha magalamu 400 omwewo, dzina lomwelo, zomanga thupi magalamu 15 pa 100, mtengo K15,000. M'menemo muli magalamu 60 okha, ndiye galamu imodzi mukuigula K250. Chitini chooneka chotchipa chija ndi chimene chikukudyerani ndalama, ngati cholinga chanu ndi mkaka. Ndipo nambala 15 ija ikutiuzanso china: poti mkaka wosasakaniza umakhala pa 25, chitini chachiwirichi chili ndi gawo la mkaka, kupatula mafuta, lokwana pafupifupi magawo atatu mwa asanu a limene lili m'choyamba, kwinako kwadzazidwa ndi zina.

Pali malire ake. Mkaka wosakaniza mafuta a zomera umene wapangidwa mosamala ukhoza kukhala ndi zomanga thupi magalamu 24, kashiamu wokwanira ndi mavitamini obwezeredwa. Umenewo si woipa kwa munthu wamkulu kapena mwana wa sukulu, wangosiyana kukoma ndi mtundu wa mafuta. Choncho musautaye poona mawu akuti mafuta a zomera okha. Chimene muyenera kukana ndi kuulipira mtengo wa mkaka wosachotsa zonona. Koma kwa khanda losakwana chaka, zitini zonse ziwirizi si chakudya chake, kaya cha ku Joni kaya cha ku Limbe. Miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira ndi ya bere lokha, ndipo pakakhala vuto loyamwitsa, a kusikelo ndi amene angakuuzeni mkaka woyenera.

Zibuluma zija zili ndi nkhani yakeyake. Mkaka waufa ulipo wa mitundu iwiri pa kasungunukidwe. Wina ndi ufa wosalala kwambiri, umene ukagwera m'madzi kunja kwake kumanyowa n'kutseka, m'kati n'kutsala mouma. Wina, wolembedwa kuti "instant", amaupanga kuti tinjere take timatane kukhala timibulu tokhala ndi mipata, n'kuupopera lesitini pang'ono, amene kawirikawiri amachokera ku soya, kuti madzi alowe msanga ngakhale ozizira. Ntchito yowonjezerayi imadya ndalama, choncho msika wina umalandira wosungunuka msanga, wina wamba. Ngati chitini cha ku Limbe chilibe mawu amenewo ndipo pa mndandanda palibe lesitini, zibulumazo n'zachibadwa chake. Mankhwala ake n'kuyamba mwaukandira ndi timadzi tofunda pang'ono mpaka ukhale phala, kenaka n'kuthira tiyi. Madzi owira kumene amangoonjezera zibuluma.

Koma ngati ufawo uli kale ndi mibulu yolimba musanauthire m'madzi, imene siphwanyika mukaifinya ndi chala, umenewo ndi umboni wa chinyezi, ndipo tafika pa chifukwa chachiwiri chija, kuwonongekera panjira. Lakitozi wa mu ufa amakoka chinyezi cha mumpweya. Akakhuta amasintha n'kuuma gwa, tinjere n'kumatana, mafuta amene anali otsekeredwa m'kati n'kutulukira kunja kumene mpweya umawawononga. Kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Ganizirani ulendo wa katundu wathu: kontena yachitsulo itaima padzuwa pa doko la Beira, kenaka pamzere pa chipata cha Mwanza, kenaka m'nyumba yosungira ya malata, kenaka pa benchi ya venda m'mwezi wa Okutobala. Chitini cha achimwene anu chinachoka pa shelefu ya sitolo yozizira n'kufika kwa inu m'masiku ochepa. Ngakhale zikanakhala zofanana potuluka m'fakitale, pofika m'kapu mwanu sizingafanane. Mkaka wowonongeka motere mtundu wake umadera n'kupita kuchikasu chakuda, ndipo umamveka fungo la katoni kapena la mafuta okhalitsa. Chitini chosindikizidwa bwino, chimene ambiri amachotsamo mpweya n'kuikamo nayitirojeni asanatseke, chimapirira kuposa kapaketi kopyapyala. Wovutitsitsa ndi uja amaupungula m'matumba a makilogalamu 25 n'kumanga m'timapepala ta pulasitiki, chifukwa mpweya ndi dzuwa zimaufika, ndipo palibe lebulo yoti muwerenge.

Pa chitini chomwecho onani kumene chinapangidwira ndi amene anachipakira. Mukhoza kupeza kuti china chinapangidwa ndi kupakidwa ku South Africa, china ufa wake unachokera kutsidya kwa nyanja n'kudzapakidwa ndi kampani ina mwa chilolezo cha mwini dzina. Mawu akuti "under licence" kapena "packed by" amatanthauza zimenezo. Si chizindikiro cha feki, koma akukuuzani kuti mafakitale ndi awiri, ndiye kusiyana n'koyembekezeka. Ambiri amakhulupirira kuti manambala oyambirira a bakhodi amasonyeza dziko lopanga, kuti 600 kapena 601 ndiye kuti ndi wa ku South Africa, 50 ndiye wa ku Britain. Manambalawo amangosonyeza dziko limene kampani inalembetserako bakhodiyo. Katundu wa 600 akhoza kupangidwa kwina kulikonse, ndipo wopanga feki amangokopera bakhodi yonseyo. Phindu lake lenileni ndi ili: zitini ziwiri za kukula kofanana zikakhala ndi bakhodi yosiyana, kampani yokhayo ikuzitenga ngati katundu awiri osiyana.

Feki weniweni amadziwika kwambiri ndi chotengera kuposa ndi kukoma. Yang'anani pansi pa chitini. Tsiku lopangira, tsiku lothera ndi nambala ya bachi, imene imasonyeza gulu la katundu wopangidwa nthawi imodzi, zimadindidwa ndi makina pa chitsulo penipenipo, ndi timadontho ta inki tosafufutika ndi chala chonyowa. Kapepala komatidwa pamwamba pa deti, malo opalidwa, kapena deti yosindikizidwa pamodzi ndi zithunzi za lebulo ngati mbali ya chojambulacho, zonsezi n'zokayikitsa. Pansi pa chivindikiro cha pulasitiki payenera kukhala chotsekera chonyezimira chomatidwa mozungulira monse, chopanda guluu woonekera, chifukwa chinyengo chofala n'kutola zitini zenizeni zakutha n'kudzazamo ufa wotchipa. Zilembo zolakwika, mitundu yozimirira, kusowa kwa keyala ya wopanga kapena woitanitsa, ndi mtengo wotsika kwambiri kuposa wa masitolo onse, zikapezeka ziwiri kapena zitatu pamodzi, chitinicho chisiyeni.

Kunyumba mungathe kuyesa zinthu ziwiri. Choyamba ndi sitachi. Sungunulani supuni ya mkaka m'madzi otentha, mudikire azizire, mudonthezemo madontho awiri a ayodini wa pabala wogula ku famase. Mkaka wopanda sitachi umangooneka wachikasu. Ukasanduka wabuluu wakuda, muli ufa wa chimanga, wa chinangwa kapena wa tirigu, ndipo ngati lebulo sinatchule zimenezo, mwagwira chinyengo. Zoyeserazo muzitaye, si zakumwa. Dziwani kuti ayodini saona mafuta a zomera, saona shuga, ndipo molotodekisitirini amangomusintha pang'ono kapena osamusintha n'komwe, choncho kusasanduka buluu sikutanthauza kuti mkakawo ndi wangwiro.

Chachiwiri ndi kulawa mosaona, monga timachitira kuntchito. Munthu akadziwa kuti kapu iyi ndi ya ku Joni, lilime limakondera. Pemphani wina akonze makapu atatu inu mutatuluka: awiri a chitini chimodzi, imodzi ya chinacho, madzi omwewo, kufunda komweko, opanda tiyi ndi shuga. Ngati pali sikelo ya kukhitchini ayeze magalamu ofanana, chifukwa ufa wosungunuka msanga ndi wopepuka ndipo supuni yake imanyamula wochepa kuposa ya ufa wosalala. Ntchito yanu n'kuloza kapu yosiyana ndi zinzake. Wongolota amalondola kamodzi pa katatu, ndiye mubwereze kangapo, kapena alawe anthu angapo a pakhomopo. Mukamalondola pafupifupi nthawi zonse, kusiyanako n'kwenikweni. Kuyesaku kumangotsimikiza kuti pali kusiyana, sikunena kuti wabwino ndi uti.

Kupitirira apa ndi ntchito ya labotale. Ngati lebulo ikunama, kunyumba simungadziwe kuchuluka kwa zomanga thupi kapena mtundu wa mafuta. Ngakhale malabotale anapusitsidwapo: ku China mu 2008 anthu ankathira mankhwala a melamini mumkaka wosungunula ndi madzi kuti poyeza uoneke ngati uli ndi zomanga thupi zambiri, ndipo ana pafupifupi 300,000 anadwala, asanu ndi mmodzi n'kumwalira. N'chifukwa chake ndimaumirira kuti mkaka wa ana uzigulidwa pamalo opereka lisiti, pamene katundu angalondolozedwe kumene wachokera.

Mukatembenuza zitinizo n'kupeza kuti malebulo akusiyana, ndipo chilichonse chikunena zoona za m'kati mwake, palibe lamulo laswedwa, ngakhale ine ndimaona kuti kuvala nkhope imodzi pa katundu wosiyana chotere n'kusocheretsa wogula, ndipo mayiko a ku Ulaya anasintha lamulo lawo mu 2019 kuti mchitidwe umenewu uzitha kuweruzidwa ngati wosocheretsa pakapanda chifukwa chomveka. Pamenepo chochita chanu n'kusiya kutsata dzina, muyerekeze mndandanda ndi nambala ya zomanga thupi pa zitini zonse za pa shelefu, ngakhale za mayina amene simunawamvepo. Koma mukapeza kuti malebulo akufanana mawu ndi mawu, deti isanathe, chotsekera chinali bwino, koma mkaka ukusiyana poyesa mosaona kapena wasanduka buluu ndi ayodini, musataye chitinicho. Chitsekeni bwino ndi ufa wotsalawo, musunge lisiti, mujambule pansi pake pamene pali nambala ya bachi. Tumizani chithunzicho ku nambala kapena keyala ya kampani yolembedwa pa lebulo, chifukwa iwo angathe kuona m'mabuku awo ngati bachi imeneyo inatulukadi m'fakitale yawo ndi dziko limene inkapita. Kenaka kadandauleni ku Malawi Bureau of Standards, amene likulu lawo lili mu Blantyre momwemo ndipo ndi amene ali ndi udindo woyeza katundu wopangidwa kuno ndi wolowa m'dziko, kapena ku Competition and Fair Trading Commission ngati nkhani ndi yakuti wogulitsa anakunamizani. Popita mutenge zitini zonse ziwiri, cha ku Joni ndi cha ku Limbe, kuti woyeza akhale ndi poyerekezera.